Perefyumu akutha dzuwa lisanafike pamutu: kupeza pamene pagona vuto

Dandaulo limeneli limabwera chaka chilichonse, Okutobala akangolowa. Botolo lomwe mu Juni limakufikitsani madzulo mukununkhirabe, tsopano ikamakwana 10 koloko mwina fungo lapita kale. Ambiri amafulumira kunena kuti agulitsidwa feki, ena amayamba kudzithira kakhumi m'malo mwa katatu, ndipo ena amathamangira kukagula botolo lina lodula. Njira zitatu zonsezi zimadya ndalama, koma kawirikawiri vuto limatsala pomwepo, chifukwa mawu akuti fungo likutha msanga amabisa mavuto osiyana. Mwina chimene mwagula nchosakhalitsa kale mwa mapangidwe ake, mwina khungu ndi thukuta ndi zomwe zikulichotsa, mwina botolo linaonongeka ndi kutentha, kapenanso fungo lilipo ndithu koma mphuno yanu yasiya kulimva. Lililonse lili ndi mankhwala ake, choncho ntchito yoyamba ndi kupeza kuti lanu ndi liti.

Yambani ndi mphuno

Vuto losavuta kulipeza ndi limene anthu salikhulupirira. Mphuno ikamva fungo limodzi mosalekeza imalizolowera, ndipo pakadutsa mphindi zochepa ubongo umasiya kukuuzani kuti lilipo. Nchifukwa chake mlendo amamva fungo la m'nyumba mwanu pamene eni akenu simulimva. Perefyumu wothira pakhosi ndi pachifuwa chapamwamba amakwera molunjika kumphuno tsiku lonse, ndiye amazolowereka msanga kuposa wothira kutali. M'nyengo yotentha fungo limatuluka lochuluka pa nthawi imodzi, mphuno nkutopa mofulumira kuposa kale.

Kuti mudziwe ngati vuto lanu ndi limeneli, dzithireni monga mwa masiku onse, ndipo pakapita maola anayi kapena asanu funsani munthu amene simunakhale naye chipinda chimodzi kuyambira m'mawa. Musamufunse kuti perefyumu wanga ndi wabwino kodi, chifukwa adzangovomera mwaulemu. Muuzeni aime pataliko ngati kutalika kwa mkono, anene ngati akumva kanthu, kenako asendere pafupi ndi phewa. Akamva ali pataliko, mulibe vuto lililonse, ndipo kuwonjezera kudzithira kungovutitsa amene mwakhala nawo mpando umodzi m'minibasi. Akamva pokhapokha wasendera, perefyumu alipo koma wafika gawo lake lofatsa, zomwe sizachilendo ayi pakapita maola otere. Akapanda kumva chilichonse, pitirizani kufufuza.

Pali anthu enanso amene mphuno zawo sizimva bwino mitundu ina ya zonunkhira zotchedwa masiki, yomwe ndi imene imatsalira kumapeto kwa maperefyumu ambiri. Munthu wotere amalumbira kuti botolo lake latha mphamvu, pamene anzake akulimva bwinobwino.

Zimene zalembedwa pabotolo

Perefyumu wamba ndi mafuta onunkhira osungunulidwa mu sipiliti, kuphatikizapo timadzi pang'ono. Sipiliti ntchito yake ndi kunyamula mafutawo ndi kuwamwaza pakhungu, ndipo amauluka pa mphindi zochepa. Chotsalira nkumanunkhira ndi mafuta aja. Ndiye funso loyamba pa botolo lililonse ndi lakuti mafuta alimo ochuluka bwanji.

Yang'anani m'munsi mwa dzina, pabotolo kapena pakatoni. Mupeza mawu atatu a Chifalansa, omwe ogulitsa amawafupikitsa ndi zilembo zake zoyamba. Oyamba ndi zilembo E, D ndi P, kapena EDP, amasonyeza kuti mafuta ndi magawo pafupifupi 15 mpaka 20 pa 100 alionse. EDT amakhala ndi magawo 5 mpaka 15, ndipo EDC amakhala ndi 2 mpaka 5. Pamwamba pa onsewa pali perefyumu wokhathamira, wa magawo 20 mpaka 30, yemwe amagulitsidwa m'timabotolo tating'ono pa mtengo wokwera. Pansi penipeni ndi pamene pali bode sipule, kaya ya m'kachitini kachitsulo kaya ya m'botolo lapulasitiki, yomwe mafuta ake nthawi zambiri amangokhala gawo limodzi mpaka atatu pa 100.

Manambalawa ndi chizolowezi cha opanga, palibe lamulo lowakakamiza kuwatsata. Kampani ikhoza kulemba EDP pa chinthu chomwe ina ikanachitcha EDT. Komabe pa zinthu za kampani imodzi amakuuzani zoona ndithu, ndipo amathandiza kuchita masamu amene amaonetsa chifukwa chake bode sipule singapikisane ndi EDP. Kupopera kamodzi pa botolo lagalasi kumatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mililita, kutanthauza kuti botolo la mamililita 100 mungapoperemo pafupifupi ka 1,000. Mukapopera EDP wa magawo 15 kanayi, mwaika pathupi mamililita 0.06 a mafuta enieni. Kuti mupeze mafuta ochuluka chomwecho kuchokera ku sipule ya m'botolo lapulasitiki ya magawo awiri, ngati ikutulutsa mlingo wofanana, mufunika kupopera ka 30. Ya m'kachitini ndiye zake nzina, chifukwa mbali yaikulu ya zomwe zili m'katimo ndi gasi wokankha, monga byuteni ndi puropeni, ndipo zambiri zimene zatuluka zimathera mumpweya osafika pakhungu.

Bode sipule ndiye siyonyenga ayi. Inapangidwa kuti ikutsitsimutseni mukangosamba, inunkhire ola limodzi kapena awiri, muthirenso. Amene akuiyembekezera kuti imufikitse 5 koloko madzulo ku Nchalo mu Novembala akuipempha ntchito yomwe siyake. Ngati zomwe mukudandaula nazo ndi bode sipule, kufufuza kwanu kwathera pano: muziyenda nayo m'chikwama nkumathiranso, kapena musinthe mugule EDT kapena EDP.

EDP amene sakukhalitsa

Apa ndi pamene ambiri amakhumudwa zenizeni. Munthu wasunga ndalama, wagula botolo lolembedwa EDP, koma masana asanakwane palibe chimene chikumveka. Chifukwa chake nchakuti kuchuluka kwa mafuta ndi theka chabe la nkhani. Theka linalo ndi mtundu wa mafutawo.

M'botolo limodzi mumakhala zonunkhira zambirimbiri zosakanizidwa, ndipo siziuluka pa liwiro limodzi. Zopepuka kwambiri ndi zija za mandimu, malalanje, manachesi ndi timasamba tozizira: ndi zimene mumamva mukangopopera, ndipo zambiri zimakhala zapita pakadutsa mphindi 15 mpaka 30. Zapakati, monga za maluwa a rozi ndi jasimini kapena zokometsera ngati sinamoni, zimagwira maola angapo. Zolemera ndi zimene zimakhalitsa mpaka pa malaya a dzulo: vanila, masiki, amba, pachuli, lubani, udi, mitengo yonunkhira ndi vetiva. Vetiva ameneyu ndi mtundu womwewo wa udzu umene alangizi a zaulimi amalimbikitsa kubzala pa akalozera kuti nthaka isakokoloke. Mafuta a mizu yake ndi olemera kwambiri, ndipo opanga perefyumu amawagwiritsa ntchito ngati maziko a maperefyumu ambiri a abambo.

Ndiye EDP womangidwa pa mandimu ndi fungo lozizira ngati la madzi akhoza kutha msanga kuposa EDT womangidwa pa vetiva ndi masiki. Chomvetsa chisoni nchakuti m'shopu timasankha ndi mphindi ziwiri zoyambirira, pamene chikumveka ndi chigawo chopepuka chokhachokha, chomwe chidzakhale choyamba kuchoka.

Kutentha kumafulumizitsa zonsezi. Pa zonunkhira zambiri, kutentha kukakwera ndi madigiri 10, kauluka kake kamawirikiza pafupifupi kawiri. Khungu la pamkono m'mawa wa Julaye ku Dedza limakhala lozizirira, pamene masana a Okutobala ku Chikwawa kapena ku Tete, komwe kutentha kumapitirira madigiri 40, khungu ndi malaya omwe zimatentha. Zotsatira zake ndi ziwiri, ndipo zimasokoneza anthu: m'mawa fungo limamveka lamphamvu kuposa m'nyengo yozizira, kenako limagwa mwadzidzidzi. Mafuta ndi omwewo, angotuluka ambiri nthawi imodzi.

Ichi nchifukwa chake kuwirikiza kathiridwe sikuwirikiza nthawi. Mukapopera kasanu ndi katatu m'malo mwa kanayi, zopepuka zija zimaulukabe pa liwiro lawo. Mumapindula kanthawi kochepa kumapeto, koma ola loyamba mumakhala mukutsamwitsa anthu. Mafuta omwewo mukanawagawa pawiri, theka m'mawa theka masana, akanakufikitsani patali.

Kuyesa ndi kansalu

Kuti musiyanitse vuto la botolo ndi vuto la khungu, chitani izi tsiku lomwe muli pakhomo. Tengani kansalu koyera ka thonje kochapa bwino, kopanda fungo la sopo wamphamvu. M'mawa mutasamba, poperani kawiri pakansaluko, kawiri pamkono wamanzere wouma, ndipo pamkono wamanja yambani mwapaka loshoni wopanda fungo kapena kavazilini pang'ono musanapopere kawiri. Kansalu kayikeni pamthunzi m'chipinda china. Nunkhizani malo atatuwa pakapita ola limodzi, maola atatu ndi maola asanu ndi limodzi, ndipo nthawi iliyonse muyambe mwatuluka panja kuti mphuno ipume.

Ngati pakapita maola atatu ngakhale kansalu sikakumveka, vuto lili m'botolo: ndi lopepuka mwa mapangidwe, ndi losukulutsidwa, kapena laonongeka. Palibe kapakidwe kamene kangalikonze. Ngati kansalu kakununkhirabe madzulo koma mikono yonse iwiri yatha, botolo lilibe mlandu, ndipo chimene chikulichotsa ndi kutentha kwa thupi ndi thukuta. Ngati mkono wopaka loshoni wapambana wouma moonekeratu, khungu lanu ndi louma, ndipo mankhwala ake ndi otsika mtengo kuposa onse.

Khungu louma limavuta chifukwa zonunkhira zimakonda kusungunuka m'mafuta. Zikapeza kamafuta pakhungu zimakhazikikamo nkumatuluka pang'onopang'ono, koma pakhungu lotuwa, losambidwa ndi sopo wochapira, zilibe pogwira. Mu Seputembala ndi Okutobala, mvula isanagwe, mpweya umakhala wouma ndipo anthu ambiri amasiya kudzola poopa thukuta, ndiye vuto limakula. Simufunika kudzola thupi lonse. Pakani pang'ono zedi pamalo pokhapo pamene muthirepo, dikirani kuti palowerere, kenako poperani. Loshoni wa fungo lake lamphamvu, monga la koko, amasokoneza perefyumu, ndipo vazilini wochuluka amathimbirira pakolala.

Thukuta

Thukuta limaononga perefyumu m'njira ziwiri zosiyana, ndipo nkofunika kuzilekanitsa. Njira yoyamba ndi yongochotsa: thukuta likuyenderera pakhosi, inu nkumapukuta ndi kampango, perefyumu amapita ndi kampangoko. Amene amathira pakhosi ndi kuseri kwa makutu kenako nkukwera kabaza padzuwa, akamafika ku ofesi amakhala atapukuta theka la zimene anathira. Pamkono pafupi ndi dzanja ndi chimodzimodzi, mukasamba m'manja kawiri katatu zatha.

Langizo lofala lakuti muzithira pamene mitsempha imagunda, monga pakhosi ndi pamkono, cholinga chake nchakuti kutentha kwa malowo kukankhe fungo. Kumayiko ozizira zimathandiza. Kuno mu Okutobala simukusowa kutentha, mukusowa chochedwetsa. Ndi bwino kuthira pachifuwa cham'munsi kapena pamimba, pamene malaya aphimba, kuti nsalu igwireko fungo nkumalitulutsa pang'onopang'ono. Ndipo mutasamba musathire thupi likadali lofunda ndi lonyowa. Khalani kaye mpaka muume ndi kuzizira, apo ayi thukuta loyamba lija lichotsa zonse.

Njira yachiwiri ndi yoipa kwambiri. Thukuta la m'khwapa palokha silinunkha kwenikweni, koma mabakiteriya okhala pakhungu amalidya nkutulutsa fungo lowawasa lija. Fungo limeneli likakumana ndi perefyumu wotsekemera ngati wa vanila, zomwe zimatuluka zimaposa kuipa kwa thukuta lokha. Munthu amaganiza kuti perefyumu wasintha, chonsecho ndi m'khwapa. Perefyumu alibe mphamvu yoletsa zimenezi, ndipo kumuthira m'khwapa, makamaka mutangometa, kumangowawitsa khungu.

Apa pafunika kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene tonse timangoziti rolo oni. Ina imangochepetsa mabakiteriya ndi kubisa fungo. Ina imachepetsa thukuta lenilenilo, ndipo mungaizindikire poona dzina la aluminiyamu pa mndandanda wa zosakaniza kuseri kwake. Mchere wa aluminiyamu umatseka kwa kanthawi timabowo totulukira thukuta, koma umafunika khungu louma ndi maola angapo kuti ugwire. Nchifukwa chake imagwira bwino mukapaka usiku pogona, m'khwapa mouma, osati m'mawa muli kale chitukutira. Kusamba m'mawa sikuchotsa mphamvu yake. Sankhani yopanda fungo kapena ya fungo lochepa, kuti isalimbane ndi perefyumu.

Malaya nawo ali ndi mbali yawo. Poliyesita amasunga fungo la thukuta kuposa thonje, ndipo nthawi zina limatsalira ngakhale mutachapa. Malaya otere amamveka bwino pochoka pachingwe, koma akangofunda pathupi fungo lakale limadzuka. Ngati vuto limachitika ndi malaya ena okha, musaimbe mlandu botolo.

Kuthira pa zovala

Nsalu imasunga fungo nthawi yaitali kuposa khungu, chifukwa ndi yozizirirapo ndipo situlutsa thukuta. M'nyengo yotentha iyi ndi njira imene imasintha zinthu kwambiri. Poperani kamodzi kapena kawiri kuchokera patali masentimita 20 mpaka 30, m'kati mwa malaya kapena m'munsi mwake, musanavale. Chenjerani ndi perefyumu wa mtundu wakuda kapena wofiirira, monga ambiri a udi ndi amba ochokera ku Dubai, chifukwa amasiya banga pa nsalu yoyera. Silika ndiye musayese nkomwe. Ngati mukukayika, yesani kaye pamalo obisika m'kati mwa mpendero. Mafuta onunkhira ogubuduza aja ndi a pakhungu basi, pansalu amasiya dontho lamafuta.

Chimene mumataya pothira pansalu nchakuti fungo silisintha bwino ngati pakhungu, ndipo limatsalira mpaka mutachapa. Amene amasinthasintha maperefyumu apeza jekete lake likununkhira mitundu itatu nthawi imodzi.

Botolo loonongeka kapena losukulutsidwa

Tibwerere kwa uja kansalu kake kanatha msanga. Ngati botolo lomwelo poyamba limakhalitsa, ganizirani kumene mumalisunga. Kuwala kwa dzuwa, kutentha ndi mpweya zimaononga zonunkhira, ndipo zoyamba kuonongeka ndi za mandimu zija. Malo oipa kwambiri ndi pawindo, pa diresa yowombedwa ndi dzuwa la madzulo, ndi m'galimoto, momwe kutentha kumapitirira madigiri 50 mosavuta ikaimikidwa padzuwa. Zizindikiro zake ndi izi: madzi aderapo kusiyana ndi pamene munagula, ndipo mukangopopera mukumva kuwawasa ngati viniga kapena fungo ngati la mankhwala ochotsera utoto m'zikhadabo. Nthawi zina loonongeka ndi lomwe lili m'kapaipi kokha, choncho poperani kangapo mumpweya muyesenso. Ngati likadali chomwecho, palibe chobwezeretsa. Malo abwino ndi m'katoni yake, pansi m'wodilopu kapena m'dirowa, m'chipinda chozizirirapo. M'nyumba ya malata yopanda siling'i, pewani mashelefu a m'mwamba.

Kachitini ka bode sipule kali ndi ngozi ina. Gasi wa m'katimo amayaka, ndipo pachitinipo pamalembedwa kuti kasafike pa kutentha kopitirira madigiri 50. Musakasiye m'galimoto, musapopere pafupi ndi mbaula kapena kandulo magetsi akazima, ndipo kakatha musakaponye pamoto wa zinyalala.

Ngati botolo silinakhalitsepo chigulireni, mwina ndi losukulutsidwa kapena lachinyengo. Opanga enieni amadinda nambala ya gulu pansi pa botolo ndi pakatoni, ndipo ziwirizi ziyenera kufanana. Zikasiyana, kapena palibe nkomwe, kayikirani. Lachinyengo limamveka sipiliti wolasa m'mphuno kwa nthawi yaitali, limafanana ndi lenileni mphindi zoyambirira, kenako nkuzimiririka osasiya maziko alionse, chifukwa zolemera zija ndi zimene achinyengo amaumira. Kapulasitiki kokutira katoni komata mokhotakhota ndi zilembo zolakwika ndi zizindikiro zina, ngakhale masiku ano ena amakopera mwaluso. Mtengo wotsika mopitirira pa dzina lotchuka umanena zambiri.

Maperefyumu othira m'mabotolo pamsika, ogulitsa pa mililita, ndi nkhani ina. Si onse oipa. Ena amakhalitsa kuposa a m'mashopu akuluakulu chifukwa ogulitsa amaika mafuta ambiri. Vuto nlakuti simudziwa mlingo, ndipo botolo la lero likhoza kusiyana ndi la mwezi watha. Gulani kaye kakang'ono ka mamililita 3 kapena 6, muyese ndi kansalu, musanagule lalikulu. A mafuta okhaokha opanda sipiliti amauluka mochedwa, ndiye amakhalitsa pakutentha, koma samveka patali. Amene akufuna kuti fungo lake lidzaze chipinda adzaona ngati ndi ofooka pamene sali choncho.

Tsiku limodzi ku Nchalo

Tiyerekeze mayi wogwira ntchito mu ofesi ku Nchalo mu Novembala. Amasamba 6 koloko, amathira EDP wa fungo la malalanje ndi maluwa kasanu ndi kamodzi pakhosi ndi pamikono thupi likadali lofunda, amapaka rolo oni nthawi yomweyo, nkukwera kabaza. Ikamakwana 10 koloko sakumva kalikonse, ndipo masana bulauzi yake ya poliyesita ikumveka kuwawasa.

Atafunsa mnzake wa ofesi ina 11 koloko, mnzakeyo akumva pokhapokha atasendera pafupi kwambiri. Ndiye mphuno ili ndi mbali yake, koma si yokhayo. Loweruka ayesa kansalu: pakapita maola asanu ndi limodzi kakumvekabe ngakhale mofatsa, mkono wouma watha pa maola atatu, wopaka loshoni ukumvekabe pang'ono. Botolo ndi lenileni ndipo silinaonongeke, koma ndi la mtundu wopepuka, ndipo khungu ndi thukuta zikulichotsa msanga.

Chimene angasinthe osagula botolo lina nchotere. Rolo oni ya aluminiyamu azipaka usiku. M'mawa atasamba ayambe wadya ndi kukonza zina kuti thupi lizizire, kenako apake loshoni wopanda fungo pachifuwa cham'munsi nkupopera kawiri pamenepo, ndi kamodzi m'kati mwa bulauzi ya thonje. Pakhosi asathire. Kotsalako akasungire masana: athire perefyumu m'kabotolo kopopera ka mamililita 5, komwe kamakwanira kupopera pafupifupi ka 50, nkumayenda nako m'chikwama. Nthawi ya nkhomaliro apukute kaye pachifuwa ndi pakhosi ndi kansalu konyowa, aume, ndiyeno apopere kawiri. Kuthira pamwamba pa thukuta louma kumangokulitsa kuwawasa kuja. Pa tsiku wagwiritsa ntchito kasanu m'malo mwa kasanu ndi kamodzi, ndipo fungo likumveka m'mawa ndi madzulo omwe.

Botolo likadzatha, posankha lina asadzagule tsiku lomwelo. Adzapopere pamkono m'shopu, apite kukagwira zina padzuwa, adzanunkhize pakapita maola atatu. Chimene chatsala pa nthawiyo ndi chimene adzakhale nacho masana onse. Ine ndingamulangize kufuna chopepuka pamwamba koma chokhala ndi vetiva, masiki kapena mitengo pansi pake, osati kuthawira ku zotsekemera zolemera. Vanila wambiri ndi udi wokhathamira amakhalitsadi, koma pa madigiri 40 amalemera mpaka kupweteketsa mutu, makamaka m'nyengo ya mvula pamene chinyezi chachuluka, monga m'mbali mwa nyanja ku Mangochi ndi ku Salima mu Januwale. Zoterozo zisungireni madzulo kapena Juni.

Pamene muyenera kusiya

Ngati pamalo pothira pakuyabwa, pakufiira kapena pakutuluka zidzolo, siyani kuthira pakhungu, ndipo zikapanda kusintha pakapita masiku angapo kaonaneni ndi achipatala. Zonunkhira zili m'gulu la zinthu zimene kawirikawiri zimawenga khungu, ndipo thukuta ndi kutentha zimakulitsa vutolo. Mafuta ena a zipatso za mtundu wa mandimu, makamaka a begamoti osayengedwa, akakumana ndi dzuwa amapsereza khungu nkusiya mabanga akuda m'mbali mwa khosi, omwe pakhungu lathu lakuda amatenga miyezi kuti achoke. Opanga akuluakulu amachepetsa kapena kuchotsa chinthu choyambitsa zimenezi, koma pa mafuta osadziwika kochokera simungakhale otsimikiza, choncho musawaike pamalo owombedwa ndi dzuwa.

M'chipinda chotseka momwe muli mwana wakhanda kapena wodwala mphumu musapoperemo bode sipule. Poperani panja kapena pafupi ndi windo lotsegula, ndipo mudikire kuti sipiliti auluke musananyamule mwana.